Ndinafewetsa mawu a kapitawo

Chisankho cha matipate chitangodutsa, ife apachigayo cha mpunga ku Nkhotakota tinadzuka ndi makani. Tinapanga komiti ya antchito, ndipo ine anandiika kukhala mlembi, poti ndinkalemba mokongola. Nzeru anthu sanafunse.

Dandaulo loyamba linachokera kwa bambo wina wachikulire wa ku Liwaladzi, Msilamu, amene ankayeza matumba pasikelo. Lachisanu lililonse masana ankapita kukaswali, n'kubwerako mochedwerapo, koma madzulo ankatsalira kubweza nthawiyo. Kapitawo watsopano anayamba kuwalemba kuti ajomba, kenako anawaopseza kuti awachotsa ntchito. Tsiku lina anawakalipira pamaso pathu.

"Boma lasintha, koma chigayo chino sichinasanduke mzikiti! Asilamu inu sindikufunani pasikelo panga."

Ndinamva ndi makutu angawa, ndili chiimire pakhomo la sitolo yosungira mpunga.

Bambowo anabwera kwa ine kofia ili m'manja. "Alembi, tandilemberani momwe zakhalira, tikatule ku leba. Ine cholembera chinandikana."

Ndinakhala pansi kuti ndilembe, koma ndinazengereza. Kwathu mawu oipa a munthu wamkulu sitiwabwereza, timangoti sanayankhule bwino. Komanso kapitawoyo anali mkulu wa mpingo wathu, ndipo Lachitatu lililonse ankandilola kuweruka msanga kupita kukwaya osandilemba kanthu. Mawu a kapitawo aja ndinawasiya dala. Ndinalemba kuti panali kusamvana pa nkhani ya nthawi, ndipo akapitawo anayankhula mokweza pang'ono. Tsiku sindinaike, mboni sindinatchule.

"Mwalemba zonse?" anandifunsa.

"Zonse, bambo."

Anadinda chala osapempha n'komwe kuti ndiwawerengere.

Mkulu wa ku ofesi ya leba atabwera, anawerenga pepalalo kawiri n'kundiyang'ana.

"Akuluwa akuti akusalidwa chifukwa cha chipembedzo, koma muno mulibemo zimenezo. Mawu enieni amene ananenedwa ndi ati? Linali liti, ndipo anamva ndani? Nanga alipo ena amene amachoka nthawi ya ntchito osalembedwa kujomba? Tsankho limaonekera pamenepo, poyerekeza ndi anzawo."

Kapitawo anali atakhala pambali panga. Anzanga onse anaweramitsa mitu, akudikira mlembi wawo. Yankho la funso lomalizalo ndinali ine ndemwe, munthu wa kwaya, koma ndinangoti zonse zili papepalapo. Ndinachita mantha basi, sindingazitchule mwina ayi.

Nkhaniyo inalembedwa ngati ya kuchedwa pantchito. Mwezi usanathe, bambowo anachotsedwa, ndipo pasikelo panakhala mlamu wake wa kapitawo.

Patapita zaka ndinawapeza bambo aja ku Liwaladzi akusoka ukonde wa eni ake, maso atayamba kuchita chidima. Ndinafuna kuwazemba koma anandizindikira mawu. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kuitana akazi awo.

"Bwerani mudzawaone alembi aja ndimanena. Awa ndi amene anandilembera zonse. Kungoti a boma sanamve."