Thambo la Alamu Anga

Alamu anga amakonda thambo kuposa anthu. Sindikuwanamizira ayi. Mukawapatsa vidiyo ya mwana wanu akuyamba kuyenda, chimene maso awo amayamba kuona ndi kachidutswa ka thambo kumbuyo kwa denga, ndipo amayamba kudandaula kuti n'kotuwa. Mwanayo atha kugwa, kudzuka, kulira, iwo ali pa thambo basi.

Anakwatira achemwali anga akugulitsa zikwama za mafoni pakhonde la sitolo. Kenako anayamba kuikira anthu nyimbo m'mamemori khadi. Atagula kamera yakale kwa mnzawo wina, sabata lomwelo anakasindikiza kapusi yolembedwa kuti Dairekita, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka lero. Ngakhale ana awo amati a Dairekita. Situdiyo yawo ndi kachipinda kuseri kwa malo ometera, makoma opakidwa penti yachikasu, zenera lopanda katani, dzuwa likuwomba pa sikirini kuyambira m'mawa. Munthu wofuna kuona mitundu moona sagwira ntchito m'chipinda chotero, koma auzeni muone.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mitundu ya mavidiyo. Ndaigwira zaka khumi ndi chimodzi pa kampani ina yopanga mapulogalamu a pa TV, m'chipinda cha makoma otuwa, katani wotseka, sikirini yoyezedwa bwino. Achemwali atandipempha kuti ndiwaphunzitseko amuna awo, ndinavomera chifukwa cha chibale. Ndinataya Loweruka anayi.

Ndinawafotokozera ngati mwana wa sitandade wani. Ndinati thambo ndi khungu la munthu sizidyera mbale imodzi. Ukafuna thambo lakuya, umasankha mtundu wa buluu wokhawo, n'kuuchepetsa kuwala, n'kuuonjezera mphamvu pang'ono. Koma usanatero umamanga kaye mpanda, chithunzi cha m'mwamba pachokha, munthu payekha, m'mphepete mwa mpandawo mofewa kuti mutu wa munthu usazunguliridwe ndi mzere wowala. Munthuyo akamayenda, mpanda nawo uzimutsata. Ndinawaonetsanso kuti khungu lakuda ngati lathuli limanyezimira thambo pamphumi ndi pamasaya, ndiye ukasankha buluu mosasamala umatenganso mphumi za anthu. Pomaliza ndinawatsegulira sikopu, kabwalo kaja kamene kamaonetsa kumene mitundu yapendekera. Muli mzere umodzi umene khungu la munthu aliyense, woyera kapena wakuda, limagona pafupi nawo. Likachoka patali ndi mzerewo, munthu wasanduka china.

A Dairekita anamvetsera akutokosa m'mano. Atatha anandiuza kuti zimenezo n'za anthu olipidwa pamwezi, amene ali ndi nthawi yotaya. Iwo anali ndi njira yawo yachidule: kukokera chithunzi chonse ku buluu, kuchotsa kufiira kuti buluuyo aonekere bwino, kudetsa mithunzi, basi, mphindi ziwiri ntchito yatha. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Anthu m'mavidiyo awo ankatuluka ali mbuu ngati agona paphulusa, koma makasitomala ambiri ankaonera pafoni yosweka galasi, n'kumayamikira kuti thambo lake ngati la m'filimu. Kuyamikirako n'kumene kunawamaliza alamu anga. Anafika poyenda ndi kamera pakhosi ngakhale popita kukagula buledi.

Ndiye kunabwera ntchito ya aphunzitsi ena ake. Anali bambo wamkulu, anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zisanu pa sukulu imodzi, ndipo popuma pantchito anzawo anawakonzera mwambo wotsanzikana pabwalo la mpira la sukuluyo. Mwana wawo wamkazi, namwino, ndi amene anaitana a Dairekita kuti ajambule. Kunali masana, dzuwa lili pamutu, thambo lotumbuluka. Aphunzitsiwo analankhula mphindi makumi awiri, anaseka, anavinako pang'ono ndi akazi awo ana asukulu akuwomba m'manja. M'moyo wawo wonse palibe amene anawajambulapo vidiyo ina.

Alamu anga anachita zawo zija, mwinanso kuposa masiku onse, chifukwa thambolo linawakwiyitsa. Anatulutsa vidiyo, anaiika pa fulashi, anakapereka. Tsiku lomwelo anafufuta khadi la m'kamera kuti akajambule mpikisano wa makwaya, ndipo mafayilo oyambirira a pa kompyuta anawataya chifukwa malo anali atachepa. Aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa kuti choyambirira sutaya, popeza ndi mmene muli mitundu yonse imene kamera inagwira. Chimene watulutsa kale ndi chophikaphika, sungachibwezere kukhala chachiwisi. Iwo lamulo limenelo ankaliona ngati mwambo wa anthu amantha.

Patangotha masabata atatu aphunzitsi aja anagwa m'bafa, kufika kuchipatala anali atapita kale.

Zotsatirazo ndinazimva kwa achemwali, amene anabwera kuntchito kwanga nthawi ya nkhomaliro maso ali psuu. Namwino uja anali atapita ku situdiyo. Sanakalipe. Anangonena kuti mayi ake amaonera vidiyo ija tsiku lililonse chichitikire maliro, ndipo nthawi iliyonse amati nkhope imene ili pamenepoyo ndi imene anaiona kumotchale. Ankapempha chinthu chimodzi, kuti a Dairekita awabwezere bambo ake mtundu wawo. A Dairekita anamuyankha kuti vuto ndi TV ya kwawo, akaisinthe. Achemwali ndiwo anachita manyazi m'malo mwa mwamuna wawo, monga achitira zaka zonsezi. Anandibweretsera vidiyoyo kuti ndione ngati ndingaikonze.

Ndinaitsegula vidiyoyo madzulo a tsiku lomwelo ndisanaweruke, ndipo ndinatukwana mokweza mpaka mnzanga wa chipinda chinacho anasuzumira. Thambo linali lokongola, zimenezo ndivomere. Pansi pake panaima munthu wotuwa, milomo yopita ku pepo, mphumi ya buluu, mbali imodzi ya nkhope itamira mumdima bii. Pa sikopu khungu lawo linali litathawa mzere uja, litaunjikana pafupi ndi pakati pamene palibe mtundu uliwonse. Kukokera kubwerera ku chikasu kunangothandiza pang'ono. Kufiira kumene alamu anachotsa kunalibenso, ndipo ndikakankha kwambiri nkhope inkasweka timabokositimabokosi.

Njira yotsala inali yochita kupaka. Ndinamanga mpanda kuzungulira nkhope ndi manja a aphunzitsiwo, ndinautsatitsa chithunzi ndi chithunzi pamene kompyuta inkawataya akatembenuka, masiku anayi a nthawi yanga yopuma. Sikopu ikanatha kundiuza kumene mtundu wa khungu uyenera kupendekera. Koma kuti munthuyo anali wakuda bwanji, wowala bwanji, magazi ankaonekera bwanji m'masaya, zimenezo makina sadziwa, ndipo ine aphunzitsiwo sindinawaonepo ndi maso. Namwino ananditumizira zithunzi za m'mafoni a abale, koma foni iliyonse inawapatsa mtundu wakewake, ina ofiirira, ina achikasu. Cha pakhoma kwawo chinali cha pa unyamata, chofwifwa. Ndinapempha kuti mayiwo abwere okha.

Anabwera Loweruka m'mawa ndi mwana wawo. Anali mayi wamfupi, wa magalasi, atagwira kachikwama ndi manja onse awiri pamiyendo. A Dairekita nawo anafika osaitanidwa, kapusi ili kumutu, n'kuima pakhomo ngati woyang'anira ntchito. Ndisanayambe n'komwe anandinong'oneza, mokweza ndithu moti aliyense anamva, kuti nkhope ndikonze mmene ndingafunire koma thambo ndisalikhudze, chifukwa ndi limene likugulitsa dzina lawo. Ndinawauza kuti akadikire panja, ndipo mawu amene ndinagwiritsa ntchito achemwali sanandikhululukirebe. Ndinatseka chitseko.

Ndinaimika vidiyo pamene aphunzitsiwo akuseka, dzanja lili m'mwamba. Ndinawafotokozera mayiwo kuti ndiziyendetsa pang'onopang'ono, iwo angonena akaona kuti afika amuna awo. Anagwedeza mutu. Ndinayamba. Kutuwa kunayamba kuchoka, milomo inasiya pepo, nkhope inayamba kufunda. Namwino anagwira pakamwa. Ndinaonjezera pang'ono, ndinadikira. Mayiwo anasendera kufupi ndi sikirini, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Apo," anatero. Kenako, "Ayi, bwererani pang'ono."

Ndinabwerera. Anati ndapitirira. Ndinapitanso kutsogolo. Anafunsa mwana wawo ngati bambo ake anali choncho, namwino anati akuona ngati anali oderapo, mayiwo anati ayi, kudera kunabwera chifukwa cha dzuwa la chaka chatha chokha. Tinayenda uku ndi uku pafupifupi ola lathunthu, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa moti munthu wongodutsa sakanakuona. Ine mtima unali kuwawa, komanso ndinali ndi ukali umene ndinalibe poutula, chifukwa woyenera kuulandira anali panja akuseka pafoni ndi kasitomala wina, mawu ake akumveka kudutsa chitseko.

Mapeto ake mayiwo anabwerera m'mbuyo n'kutsamira mpando. Maso awo anali akadali pa nkhope ija.

"Mwanangu, siyani," anatero. "Mwayesetsa. Vuto ndi ine. Yotuwa ija ndaionera kwambiri. Ndikatseka maso ndi imene ikubwera."

Ndinati tikhoza kupuma, abwerenso tsiku lina mutu utapepuka. Anapukusa mutu.

"Zaka makumi anayi ndadzuka pambali pa nkhope imeneyi," anatero. "Lero mukundifunsa mtundu wake, ine sindikuudziwa."

Anandipempha kuti ndisankhe ndekha umene ndikuona kuti ndi wa munthu wamoyo. Ndinasankha, ndinatulutsa vidiyo, ndinaiika pa fulashi. Anailandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kufunsa mwana wawo ngati kunyumba kuli wina wodziwa kufufuta yakale ija.