Funso Limodzi pa Msika Uliwonse

Mayi Rozaria Kaphiri aphunzitsa makalaliki ambiri moti ena anawaiwala ndi mayina omwe. Ntchito anayamba ali mtsikana, kutaipa makalata pa parishi kwawo ku Namitete, ndipo imvi zawapeza pa Nsaru, mu ofesi ya bungwe logulitsa mbewu kwa makalabu a alimi. Aliyense amene amuphunzitsa, akangoidziwa ntchito, amakwera minibasi ya kutauni. Iwo amatsala ndi mpando wopanda munthu, kenako kumabwera wina woti ayambe naye poyambira pomwe. Zimawatopetsa, ndipo sabisa.

Phunziro lawo silisintha. Imelo ya kasitomala ikabwera yoperewera, thokoza m'mzere umodzi, nena zimene wamva, kenako funsa zonse zosowa pakamodzi, chilichonse pamzere wake, kuti munthuyo ayankhe kamodzi basi. Muuzenso tsiku limene galimoto inyamuke. Mawu amenewa awanena mpaka pakamwa kuuma.

Chaka chino pampando paja panakhala a Elifasi, bambo wofatsa, wotsogolera kwaya kutchalitchi kwawo, amene ngakhale pafoni amayankha atawerama. Phunziro analimva, anagwedeza mutu, koma mumtima sanalilandire.

Mu Okutobala, mayi Rozaria ali kalikiliki kunkhokwe ya mbewu, kunabwera imelo yochokera kwa a Boniface, wapampando wa kalabu ina ya ku Kabudula. Inangoti, "Tikufuna mbewu ya mtedza mvula isanagwe. Mutitumizire." Sinanene mtundu, kuchuluka kwake, kokatsitsa, ngakhale nambala ya foni. A Boniface analibe foni ya intaneti. Ankapalasa njinga tsiku la msika kukabwereka ya mwini sitolo wina, n'kuwerenga, kuyankha, kubwerera kumudzi mpaka msika wotsatira.

Mayi Rozaria anawaona maimelo a nkhaniyi mitambo itayamba kale kuda. Anawerenga kuyambira pamwamba, dzanja lili patsaya. Yankho loyamba la a Elifasi linali moni wathunthu, kufunsa za kunyumba ndi za ana, ndipo kumapeto kafunso kamodzi: mtedza wa mtundu wanji, Chalimbana kapena CG7? Msika wotsatira a Boniface anayankha kuti CG7. A Elifasi anathokoza kwambiri, napereka moni wina, n'kufunsa matumba angati. Yankho la matumba litabwera pa msika winanso, a Elifasi anafunsa kokatsitsa, ndipo tsopano anali akudikira kumva.

"A Elifasi, kodi ndinakuphunzitsani chonchi?"

"Ayi, amayi. Koma awa ndi akuluakulu. Kuwandandalikira mafunso ngati ali kupolisi, ine zinandikanika. Kwathu munthu wamkulu umamufunsa chimodzi, ayankhe, apume."

"Pakhonde, inde. Pakhonde akukuyankhani pompo. Kuno funso lililonse ndi ulendo wa njinga."

Anakalipa pang'ono chabe, chifukwa mphamvu zokalipira zinali zitatha, komanso ankadziwa kuti bamboyu sanachite mwaulesi. Iwonso analeredwa choncho. Anakoka mpando n'kukhala pambali pake.

"Lembani. Zikomo bambo, tamva kuti mukufuna CG7 ndipo matumba anu tawasunga. Kuti tisakuvutitseninso, tiuzeni izi pakamodzi: malo otsitsira, dzina la wolandira, ndi nambala ya foni iliyonse imene tingakupezereni. Galimoto ya ku Kabudula inyamuka Lachinayi."

"Moni osaika, amayi?"

"Zikomo bamboyo ndi moni. Ulemu wotsalawo uli m'kusawayendetsa."

A Elifasi analemba, nkhope ili ngati akumwa mankhwala owawa, n'kutumiza. Mayi Rozaria anayesa kufunsa madalaivala ngati wina akuidziwa kalabuyo, koma a Boniface ku Kabudula ndi ambiri, ndipo kalabuyo inali yatsopano. Panalibe chochita koma kudikira msika.

Mvula sinadikire. Inagwa yamphamvu, yonyowetsa nthaka mpaka pansi, ndipo m'mawa mwake minda yonse ya m'mbali mwa msewu inadzaza anthu owerama. Mayi Rozaria ankawaona pobwera kuntchito, mtima uli kwa anthu amene sanawaonepo.

Yankho linafika tsiku la msika masana. A Elifasi analiwerenga mokweza, mawu akutsika pang'onopang'ono.

"Zikomo. Mvula yagwa, sitikanatha kudikira. Tagula mtedza wa mavenda pamsika, wosakanikirana, wina wonyala, koma tadzala womwewo. Matumba aja mupatse ena. Mutithokozere bambo amene amatilembera, ndi munthu waulemu kwambiri."

Mayi Rozaria anamva chisoni, ndi kutopa kofika m'mafupa. Mbewu yabwino inali m'nkhokwe, mbewu yoipa inali m'nthaka, ndipo mabanja a kalabu yonse adzakolola zimene zidzamere.

A Elifasi anaika zala pa kompyuta.

"Ndiwafunse chiyani tsopano, amayi?"

"Pepesani basi," anatero mayi Rozaria. "Chofunsa palibenso."