Ziwiri za Zainabu

Inu owerenga, ine ndinaononga sukulu ya mwana wa eni ndi ulesi umene ndinkautcha nzeru. Zaka zapita, koma mawu ake sanachoke m'makutu mwanga.

Ndinali mphunzitsi watsopano pasukulu ina ku Chawama, kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Kuchonga mabuku onsewo kunkandithyola msana, ndiye ndinatengera njira ya anzanga: ana asinthane mabuku, ine nditchule mayankho, iwo achongerane. Kenako ndinkaitana mayina, aliyense n'kutchula malikisi ake mokweza. Ndinkadziona wochenjera zedi.

Munali mtsikana wina, Zainabu, mwana wa atelala. Pa masamu khumi ochotsera, yankho lake ndikamuitana linali limodzimodzi, motsitsa mawu: “Ziwiri.” Anzake ankaseka, ine n'kungoti alimbikire. Kulimbikira pati, sindinamuuzepo.

Temu yachiwiri itatsala milungu yochepa kuti ithe, anatsalira ena atatuluka, buku lili m'manja.

“Ba Ticha, ziwiri nazimva. Manje niuzeniko pamene nilakwa.”

Manyazi anandigwira. Aka kanali koyamba kutsegula buku lake. Ndinamuuza awerengere 52 kuchotsa 38 akulankhula. Anati 2 kuchotsa 8 sizitheka, choncho anatembenuza, 8 kuchotsa 2, n'kupeza 26. Nditabwerera m'masamba onse, cholakwa chinali chomwecho basi. Ziwiri ankakhozazo zinali zosafuna kubwereka. Miyezi yonseyo mwana ankalimbikiradi, koma ankalimbikira njira yolakwika.

Tinamanga timitengo ta machesi m'mitolo ya khumikhumi. Anamasula mtolo umodzi, 2 uja n'kukhala 12, ndipo anapeza 14 yekha. Kuyambira tsikulo sindinamulemberenso malikisi, chifukwa ndinaona kuti nambala ikakhalapo maso amathera pomwepo. Ndinkalemba zimene wakhoza, malo enieni amene waphonya, ndi chimodzi choti ayesenso mawa lake ndisanapitirire. Pasanathe milungu itatu ankadzigwira yekha akalakwa.

Koma lipoti la temu linali litalembedwa kale, ndipo linapita kunyumba ndi nambala zokhazokha. Temu yachitatu Zainabu sanabwere. Ndinapita kushopu kwa bambo ake, ndipo anandilandira mwaulemu, makina osokera ali duu. Anati anamutumiza kwa azakhali ake ku Linda akathandize kulera ana. Ndinachonderera kuti mwanayo wayamba kumva.

“Ba Ticha, ise tinaona vimene munalemba imwe.”

 Zainabu sanabwererenso.

Buku lake ndikali nalo. Patsamba lomaliza pali mawu anga akuti, “Kubwereka wakudziwa tsopano. Yesa 403 kuchotsa 157, uone chochita ndi ziro.” Sanawawerenge. Mpaka lero mwana akayankha motsitsa mawu, ndimatsegula buku lake tsiku lomwelo.

Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuti ana ndi ambiri. Komabe tsegulani mabuku ngakhale asanu patsiku, mumve mmene mwana akuganizira, mumuonetse pokonza, mumupatse mpata wobwereza. Musadikire kuti akupempheni yekha. Zainabu analimba mtima n'kundipempha, koma ine ndinali nditachedwa kale.