Dzino loyamba la mwana wa Hadija

Ine ndimasoka pa khonde la golosale ina pano pa Lisungwi, ndipo pafupi ndi mashini anga pali benchi ya Hadija. Amagulitsa tomato, anyezi, usipa, ndi mandasi akadzuka bwino. Takhala moyandikana zaka zisanu ndi zinayi. Ndamupempha kuti ndilembe za iye, wandilola, koma akuti ndisanene zaka zake. Sindinena. Ndingoti pamene ankabadwa, ine mano ndinali nawo onse.

Hadija si wa kuno. Anachokera ku Machinga atakwatiwa ndi Idrisa, mnyamata wa kuno amene ankakonza njinga. Idrisa anapita ku Joni chaka chachitatu cha banja, ndipo kuyambira pamenepo amabwera kamodzi pa chaka, nthawi zina kudumphitsa. Amabwera ndi jekete latsopano, n'kukhala milungu itatu, n'kupita. Hadija amatsala m'nyumba ya zipinda ziwiri, akudya m'mbale imodzi. Mayi ake anamwalira, achemwali ake ali kutali. Pa benchi amacheza ndi ogula okha, ndipo ogula tomato sakhalitsa.

Anaima katatu, katatu konse n'kupita padera. Ulendo uliwonse ankauza anthu msanga chifukwa cha kukondwa, ndipo ulendo wachitatu alamu ake a Ruweida, mlongo wa Idrisa, anamuuza pamaso kuti, “Inunso mumalengeza ngati wailesi. Mimba siinenedwa, imaoneka yokha. Simudziwa amene akumva.” Hadija anawasunga mawuwo. Kuno ambiri amatero ndithu, amabisa pakati mpaka patakana kubisika, kuopa anthu a mtima woipa.

Chaka chatha Idrisa anabwera m'Malichi. Mu Juni Hadija anandibweretsera diresi lake lobiriwira kuti ndilikuze. Kumayambiriro kwa Ogasiti anabweretsanso lomwelo. Telala amadziwa zambiri kuposa amfumu, koma ntchito yathu ndi kuluma ulusi n'kukhala chete. Ndinangoti, “Mandasi anuwa mukugulitsa kapena mukudya nokha?” Iye anati, “Sokani, agogo.” Ndinasoka. Madiresi ake ndi aatali, otaya, ndipo pamwamba amafunda mpango waukulu wofika m'mawondo, choncho panalibe amene ankaona kanthu.

Koma Idrisa sanasiye mimba yokha. Anasiyanso matenda aja opatsirana m'banja, amene ine nkhalamba sindingawafotokoze bwino papepala. Hadija anapirira nawo nthawi yaitali, akuopa kuti akapita kuchipatala adziwika. Kuwawa kutafika m'chinena anapita, Lachiwiri lina m'mawa. Pa mzere anapeza a Ruweida atabwera ndi mwana wa chifuwa, n'kukhala pambuyo pake penipeni, pafupi ndi chitseko chosatsekeka bwino.

Adokotala anali bambo. Anamufunsa za matendawo, kenako anafunsa funso limene amafunsa mayi aliyense: “Muli ndi pakati? Mwezi watha munasamba?” Hadija anamva a Ruweida akutsokomola panja. Anayankha kuti, “Ndinasamba.” Atamuuza kuti agone pa bedi amuunike, anakana, akuti sangavulire mwamuna. Adokotala analemba m'buku la Hadija la kuchipatala zimene anauzidwa. Anamubaya jakisoni, anamumwetsa mapiritsi pomwepo, n'kumupatsa makapisozi khumi ndi anayi oti azimwa limodzi m'mawa, limodzi madzulo, kwa sabata.

Anamwa awiri tsiku limenelo. Lachitatu m'mawa mwana anagunda m'mimba, ndipo iye anakhala pa mphasa kapisozi lachitatu lili m'manja, osalimeza. Zinamubwerera kuti adokotala sakanafunsa funso lija pachabe. Koma akanafunsa ndani? Foni ya Idrisa inkangolira. Anabwera pa benchi nkhope itagwa, n'kundipatsa kapepala ka mankhwalawo kuti ndimuwerengere, poti ine ndinafika Sitandade 5. Ndinawerenga movutikira, “Do-ki-si-sai-ki-lini,” n'kumuuza zoona kuti dzina ndalitha koma tanthauzo lake linatsala ku Sitandade 6.

Masana anafika anamwino a Fortunate kudzagula tomato. Amenewa ndi a ku Rumphi, boma linawatumiza kuno, ndipo nawonso amakhala okha, amagula tomato wokwanira munthu mmodzi. Hadija anawaikira basera wambiri kuposa masiku onse, kenako anatulutsa kapepala kaja.

“Anesi, pali mnzanga wina anapatsidwa awa. Ndi abwino?”

“Dokisi ameneyu. Ndi wabwino kwa amene wamuyenera. Mnzanuyo ali ndi pakati?”

Hadija anayamba kusanja anyezi amene anali osanjika kale. “Ayi, alibe.”

“Ngati alibe, amalize onse, asasiyire panjira.”

Anesi anatola jumbo lawo kuti azipita. Apa ndi pamene ndinaimitsa mashini. Mwambo ndimaudziwa, ndipo mwamuna salowerera nkhani zotere. Koma ndinalankhula, maso ali pa singano.

“Mnzawoyo ndimamudziwa, anesi. Ndamukuzira diresi kawiri. M'chiuno mokha. Mikono ndi khosi zili momwemo.”

Hadija anandiyang'ana ngati ndamutayira tomato mu ngalande. Anesi sanaseke. Anaika jumbo pansi, n'kukhala pa benchi pambali pake, n'kutsitsa mawu, koma makutu anga sanakalambe ngati mano.

“Miyezi ingati, amayi?”

“Uno wachisanu.”

“Mwamwa angati?”

“Awiri. Dzulo.”

“Musamwenso. Dokisi ndi mbale wake tetirasaikilini sitipatsa mayi woyembekezera, makamaka kuyambira miyezi yanuyi. Mano a mwana ayamba kale kupangika m'nkhama, ndipo mankhwalawa amakalowa m'mano ndi m'mafupa. Mano amadzatuluka achikasu kapena otuwa, ndipo sayera ndi mswachi.”

Hadija anagwira pamimba, koyamba kugwira pagulu. “Ndiye ndamuwononga?”

“Makapisozi awiri a tsiku limodzi, sindikuyembekezera kuti achita kanthu. Sabata yonse ndikanadandaula. Koma chimene chikundiopsa kwambiri ndi matendawo. Mukangosiya mankhwala n'kukhala pakhomo, matenda amenewa angathe kuchititsa kuti mwana abadwe masiku asanakwane, kapena abadwe ndi maso a mafinya. Tandipatsani buku.”

Buku linali pansi pa thumba la usipa. Anesi analiwerenga n'kunena kuti jakisoni uja ndi wachibale wa penisilini, alibe vuto kwa mwana, ndipo mapiritsi a fulajilu amene anamwa kuchipatala aja pa miyezi imeneyi saopsa. Chofunika kusintha ndi dokisi yekha, alowe m'malo elitiromaisini, kanayi pa tsiku kwa sabata.

“Zikanangotengera mawu amodzi dzulo,” anatero. “Alipo ambiri amene timapatsa amayi apakati osaopa: amokisilini, penisilini, elitiromaisini, azitiromaisini. Ena timawapewa, monga dokisi ndi sipuro. Bakitirimu naye si wongogula nokha, ali ndi miyezi yake yoipa, koyambirira ndi pafupi kuchira. Amene amamwa ali oyembekezera ndi amene chipatala chaona kuti akufunika. Koma sitingasankhe bwino mukatibisira.”

Ine ndinati, “Kupeza amokisilini ndiye kosavuta, anesi. Si aja ofiira ndi achikasu? Timagula pa msika, ena timatsegulira nkhuku.”

“Ndi zimenezo zimene sindifuna, agogo. Tetirasaikilini nayenso amabwera ofiira ndi achikasu. Mtundu wa kapisozi si dzina la mankhwala. Nkhuku zanu zilibe mano, ndiye sizidandaula.”

“Ngati ine,” ndinatero. Sanaseke aliyense. Ndinapitiriza kusoka.

Hadija anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti kodi akapita ku sikelo ya amayi apakati, anthu samuona? Anesi anati amuona ndithu, mzere wake uli poyera, ndipo sangamunamize. Anamuuza kuti abwere m'mawa mwake, adzamudikira pa geti. Anawonjeza kuti mwamuna wake nayenso afunika kulandira mankhwala, apo ayi akadzabwera adzamupatsiranso.

Tsiku lonselo Hadija sanandilankhule. Lachinayi benchi inali yophimbidwa ndi chiguduli mpaka masana. Anapita yekha, wapansi, atavala diresi lobiriwira lija. Anakalembetsa ku sikelo, anamuyeza magazi, anamumvetsera mtima wa mwana, n'kumusinthira mankhwala. Pofika madzulo Lisungwi yonse inali itadziwa. A Ruweida anabwera pa benchi kudzanena kuti, “Zikachitikanso musadzalire kwa ife,” n'kupita osagula ngakhale anyezi. Idrisa atayankha foni anakondwera za mimba, koma za mankhwala anati iye sakumva kuwawa paliponse, n'kudula.

Elitiromaisini anamuvuta, ankamuchititsa nseru. Ndinkamuona pa benchi akuyang'ana nthawi pa foni, n'kumeza ndi madzi a m'botolo, n'kukhala atatseka maso. Anamaliza onse. Miyezi yotsalayo ankapita ku sikelo yekha, kubwera yekha. Anesi a Fortunate anayamba kugula tomato tsiku lililonse, ngakhale ndikukayika ngati munthu mmodzi angadye tomato wochuluka choncho. Ankakhala pa benchi pang'ono, n'kumapita.

Mwana anabadwa mu Disembala, wamkazi, masiku atakwana, maso oyera. Anamutcha Lusungu, dzina limene anapereka anesi aja. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, koma kwa Hadija inali isanathe. Ngakhale anesi anamuuza kangapo kuti makapisozi awiri si kanthu, iye ankadikira mano. M'mawa uliwonse asanayale tomato, ankasamba m'manja, n'kumugoneka mwana pa miyendo, n'kumupisa chala m'kamwa. Miyezi isanu ndi umodzi, palibe. Isanu ndi iwiri, palibe. Ndinkamuuza kuti mwanayu watengera ine, wabwera atachotseratu. Anesi boma linawasamutsira kwina mu Epulo, ndiye womufunsa pafupi analibenso.

Sabata yatha Lolemba, ndikulowetsa ulusi, ndinamva akuti, “Agogo, tabwerani ndi magalasi anu.” Ndinapita. Anatsitsa mlomo wa mwana, ndipo m'nkhama za m'munsi munali kanthu kakang'ono ngati mphumphu ya mpunga.

“Ndi loyera, eti? Kapena ndi maso anga?”

“Loyera,” ndinatero. “Mundibwereke dzinoli Lachisanu, ndili ndi chimanga chowotcha.”

Anajambula kadzinoko ndi foni, anatumiza kwa Idrisa ndi kwa anesi. Anesi anayankha nthawi yomweyo. Idrisa, mpaka pamene ndikulemba pano, sanatsegule. Hadija anamubereka mwana, anachotsa chiguduli pa benchi, n'kuyamba kusanja tomato. Diresi lobiriwira lija lili pa mashini anga, akuti ndilibweze m'chiuno mmene linalili.