Pulosesa Yatsopano, Bodi Yakale

Ntchito yanga ku Petauke ndi yojambula maukwati ndi ma kitchenipate, maphwando olangiza mkwatibwi, kenako kulumikiza zithunzizo pa kompyuta. Chaka china kompyuta yanga inayamba kulemedwa. Vidiyo ya ukwati umodzi inkatenga masana onse kuti ituluke. Ndinaitanitsa pulosesa yatsopano, ubongo wa kompyuta, ku Lusaka, nditatsimikiza kuti ikukwana pa soketi ya bodi yaikulu ya mkati mwa kompyuta yanga.

Cholakwa changa chinali kufulumila. Yatsopano isanafike, yakale ndinaizula n'kuitumiza pa basi kwa mlongo wanga wamkulu ku Nyimba. Iwo ali ndi kashopu kotaipila makalata ndi kupanga fotokope, ndipo pulosesa yawo inali itafa. Mnansi wawo wokonza mafoni anawaikila, n'kuyaka bwinobwino.

Yanga itafika ndinaiika mosamala, n'kudina batani. Mafani anazungulila, koma sikilini inangokhala bii. Ndinachotsa ramu, kachipangizo ka memoli, n'kubwezela, ndinasintha chingwe, palibe. Vidiyo ya ukwati wina wa ku Nyampande inali mkati mwa diski, ndipo amake mkwatibwi anali ataimba kale kawili.

Ndinayang'ana pa foni tsamba la opanga bodiyo. Pulosesa yanga inalipo pa mndandanda, koma pambali pake panali nambala ya bayosi yoposa imene ndinali nayo. Bayosi ndi kapulogalamu kokhala pa bodi penipeni, kamene kamadzutsa zonse kompyuta ikamayaka. Yanga inalembedwa pulosesa imeneyi isanapangidwe, ndiye sinkaidziwa. Mabodi ena ali ndi kabatani kumbuyo kosinthila bayosi popanda pulosesa. Yanga inalibe. Kuti ndiisinthe, inafunika iyake kaye, ndipo choiyatsila chinali ku Nyimba.

M'mawa mwake ndinakwela minibasi, bokosi la kompyuta lili pamiyendo.

"Iwe, mphatso amabwelela nayo?" anatelo asisi atandiona pakhomo.

"Ndangobwela kudzabweleka, asisi. Ola limodzi chabe."

"Aphunzitsi awa akudikila kuti ndiwataipile mayeso awo. Uwauze wekha."

Aphunzitsiwo, bambo wachikulile wochokela ku Luembe, anangoseka n'kukoka mpando kuti aonelele.

Ndinabwezela pulosesa yakale pa bodi yanga, ndipo sikilini inayaka ngati sipanachitike kanthu. Ndinawelenga dzina la bodi ndi kanambala kakang'ono ka m'mphepete mwake kawili konse, chifukwa fayilo ya bayosi ya bodi ina, ngakhale yofanana dzina, ikhoza kuipha. Fayilo yoyenela ndinaiika pa fulashi, n'kulowa mu bayosi. Ndisanadine, ndinafunsa za malaiti.

"Lelo sanapite," anatelo asisi, "koma sindingalumbile."

Tinalumikiza kompyuta ku inveta ya sola yawo, n'kuzimitsa makina a fotokope. Malaiti akathima bayosi ili pakati polembedwa, bodi imatha kutsala yosayakanso.

Ndinadina, ndipo kamzele koonetsa pamene ntchito yafika kanayamba kuyenda pang'onopang'ono. Aphunzitsi anafunsa ngati angasunthe mpando, ine ndinati ayi, ngakhale mpandowo unalibe nazo kanthu. Kamzele katafika kumapeto, kompyuta inazima yokha. Inayaka, n'kuzimanso. Sikilini inakhala yakuda nthawi yaitali ndithu. Kenako zilembo zinaoneka, nambala yatsopano ili pamwamba.

Ndinazimitsa, kuchotsa pulosesa yakale, kuika yatsopano, kupaka phala lozizilitsa n'kumanga fani. Nditadina batani, dzina la pulosesa yatsopano linatuluka pa sikilini. Ndinangokhala pansi pa simenti.

Ndikubwezela pulosesa yakale mu kompyuta yawo, asisi anaima pamwamba panga.

"Poti wabwela, usinthe na yanga yomwe. Nayonso ikhale yatsopano."

"Yanu ikuvuta pati?"

"Siivuta. Koma yako wasintha."

"Yanga inali siidziwa pulosesa. Yanu ikuidziwa kale iyi, ikuyaka, ikutaipa. Ndikasintha bayosi simuona liwilo lililonse. Komanso pa mabodi ena bayosi yatsopano imasiya kudziwa mapulosesa akale. Tikhoza kudzivulaza tokha."

"Nanga ikamachedwa kuyaka m'mawa?"

"Imeneyo ndi diski, asisi. Tidzagule ya mtundu watsopano, mudzaona kusiyana."

Aphunzitsi analowelela: "Amai, musaikhudze mpaka mayeso anga atatuluka."

Asisi anaseka, n'kukhala pa mpando wawo kuyamba kutaipa. Ine ndinatsegula vidiyo ya ku Nyampande pomwepo kuti ndiyese. Isanakwane nthawi ya chakudya cha masana inali itatuluka, ndipo tonse atatu tinaonelela amalume a mkwati akuvina atanyamula nkhuku kukhwapa. Ndinaimbila amake mkwatibwi kuti mailo m'mawa abwele adzatenge.