Njovu za ku Sandwe m'chipinda cha mayeso

Kusukulu kwathu ku Petauke chinthu chikalakwika, aphunzitsi sanali kufufuza, anali kungoitana ine. Bilimankhwe wopezeka m'nsapato ya pulifekiti, ine. Belu lolila nthawi ya masamu isanathe, ine. Zina ndinali kukana, koma zambili zinalidi zanga, ndipo mpaka lelo ndikazikumbukila ndimaseka ndekha. Imodzi yokha ndiyo ndikaikumbukila kuseka kumathela panjila.

Tili mu giledi 12 kunabwela uthenga wakuti bungwe lina likufuna ana ochepa oti liwalipilile kukoleji. Mayeso olemba tinapambana awili m'kalasi mwathu, ine ndi mnzanga wa ku Sandwe amene bedi lake linali pansi pa langa. Otsala anali mayeso olankhula Chingelezi, ku Nyimba. Kwa ine kulephela kunali kungobwelela kukagulitsa m'kantemba ka amayi kumsika. Kwa iye inali nkhani ina. Amalume ake amene anali kumulipilila sukulu anali atanena kale kuti giledi 12 ndiwo mathelo, akatsiliza abwelele kukalonda munda, chifukwa atate ake sanali kuyendanso bwino kuchokela pamene njovu inawathyola mwendo. Nkhani ya mwendoyo anauza ine ndekha.

Amadamu a Chingelezi anayamba kutikonzekeletsa masana pansi pa mtengo wa mango. Anatifotokozela kuti timalowa awiliawili, oyesa nawonso amakhala awili, wina amafunsa mafunso, wina amangokhala chete n'kumalemba malikisi. Anati oyesawo alibe ntchito ndi zimene umakhulupilila, amamvela mmene ukulankhulila: ngati yankho lako lili ndi chifukwa, ngati chifukwacho chili ndi chitsanzo, ndiponso ngati umatha kutsutsa munthu popanda kumuponda. Yankho la liwu limodzi, anatelo, lili ngati kupatsa mlendo mbale yopanda kanthu, woyesa alibe poika malikisi. Pofuna kutsutsa uyambe wasonyeza kuti wamva, kenako ufewetse ndi timawu tonga "mwina", "mmene ndionela ine", "sindingatsimikize, koma", ndiye unene zako.

Ine vuto langa linaoneka tsiku loyamba. Amadamu atanena kuti mafoni ayenela kuletsedwa kusukulu, ndinawauza m'Chingelezi chosalala kuti akunama. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti pakamwa panga ndi lole yopanda mabuleki.

Mnzanga uja zake zinali zina. Galamala anali kuidziwa kuposa tonse, koma amadamu akamufunsa anali kuyang'ana pansi, manja kumbuyo, n'kuyankha liwu limodzi. Anamuyesa dala. Anati nyemba za kudainingi n'zokoma kuposa nyama, iye anati inde madamu. Atatembenuka n'kunena kuti nyembazo n'zafumbwe, zosayenela munthu, iye anatinso inde madamu. Ine ndinagwa pansi ndi kuseka. Amadamu sanaseke.

Pobwelela kuhositelo ndinam'funsa chimene chinali kumugwila lilime. Anati kwawo mwana sabweza mawu kwa wamkulu, ndipo wolankhula zambili pamaso pa akulu amam'funsa ngati wamwa. Anati timawu ta amadamu aja anatiloweza tonse, koma akangoona nkhope ya munthu wamkulu timamila pakhosi, chifukwa ngakhale uvike mu uchi, kutsutsa ndi kutsutsa basi. Ndinam'chita chipongwe kuti ndiye akakwatila adzangoti inde apongozi mpaka mbuzi zonse zithe. Anamwetulila pang'ono. Masabata anapita, palibe chinasintha, ndipo amadamu anayamba kupuma mozama akamamuyang'ana.

Tsiku la mayeso tinakwela minibasi ya ku Nyimba m'mamawa, mayunifomu osita, nsapato za mnzanga zobweleka. Njila yonse sanadye ngakhale nthochi imene ndinam'gulila. Muholo ya tchalitchi china munali ana ochokela ku Luembe, ku Msanzala ndi kwina, onse akunong'ona timawu tomwe tija ngati pemphelo. Popeza tinali a sukulu imodzi, anatilowetsa limodzi.

Wofunsa anali bambo wa imvi, wa magalasi, mtundu weniweni wa munthu amene mnzanga sakanamutsutsa ngakhale atanena kuti nkhuku ili ndi mano. Pambali panali mayi wa bolopeni. Anayamba ndi mafunso osavuta. Ine ndinalankhula za kumsika mpaka bamboyo anakweza dzanja kuti zakwana. Atafika kwa mnzanga, zinali zomwe zija. Uchokela kuti? Ku Sandwe. Umakukonda? Inde, bwana. Chifukwa chiyani? Ndi kwathu, bwana. Ndinaona bolopeni ya mayi uja itaima m'mwamba, yosalemba kanthu. Mumtima ndinati uyu wapita kukalonda munda.

Kenako anatipatsa khadi ya mutu woti tikambilane awilife: kodi moyo wa kumudzi ndi wosavuta kuposa wa m'tauni? Bamboyo anati ndiyambe ine.

Apa ndi pamene kanabwela kaja kamene kamandigwila ndikaona nsapato ya pulifekiti ili yokha. Ndinakhala bwino pampando, n'kuyamba mwaulemu wonse umene amadamu anandiphunzitsa. Ndinati mmene ndionela ine, moyo wa kumudzi ndi wofewa kwambili, kungoti anthu ake amakonda kudandaula. Mwachitsanzo, ndinatelo, anthu a ku Sandwe amalila za njovu chaka chilichonse, pamene njovu ndi nyama yamantha, ukaomba m'manja imathawa. Mwina, ndinamaliza, amene amavulala ndi aja aulesi amene amagona m'malo molonda.

Mnzanga sindinamuyang'ane. Ndinangomva mpando wake ukulila.

Bambo wa imvi ayenela kuti anaonapo kanthu pankhope yake, chifukwa anatembenukila kwa iye n'kuwonjezela nkhuni. Anati mnzakoyu mwina ali ndi mfundo, ndipo iye akuganiza kuti anthu okhala pafupi ndi nyama angosamuka, nkhani ithe. Anam'funsa ngati akuvomeleza.

"Inde, bwana," anatelo mnzanga.

Ndinaganiza kuti ndatukwana atate ake kwaulele. Kenako mnzangayo anakweza mutu, osati kwambili, mpaka pa tayi ya bamboyo.

"Inde, ndamva zimene mwanena, bwana, ndipo kwa munthu wokhala kutali zikhoza kuoneka choncho. Koma mwina si zophweka motelo."

Ndipo anapitiliza. Anati sangalankhulile midzi yonse, anena za kwawo kokha. Anati kusamuka n'kovuta chifukwa malo olima kwina ali ndi eni ake kale, ndipo manda a makolo sanyamulika. Za ulesi, anati akuganiza kuti mnzakeyu sanaonepo nyengo imene chimanga chikukhwima, pamene anthu amagona pansanja m'munda, akuimba zitini, akuotcha ndowe zosakaniza ndi tsabola kuti utsi uthamangitse njovu. Anati nthawi zina zimathandiza, nthawi zina ayi, makamaka njovu ikakhala ndi mwana. Bamboyo anafunsa ngati ali ndi chitsanzo. Mnzanga anayankha.

"Atate anga sanali m'tulo, bwana. Anali chilili, chitini chili m'manja."

Anafotokoza zonse, mwadongosolo, mpaka za ngolo imene inawanyamula pamsewu wa mabampu kupita kuchipatala. Bolopeni ya mayi uja inali kuthamanga. Bamboyo anam'kankhanso kamodzi, kuti nanga waya wamagetsi sungathetse vutoli? Iye anati n'kutheka, koma akukayikila ngati mudzi ungathe kuusamala ukaduka, ndipo anapeleka chifukwa chake.

Ndiye bamboyo anabwelela kwa ine. Anati popeza wamva zimenezi, ukuganizabe kuti ndi ulesi? Chifukwa chako n'chiyani? Ine, lole yopanda mabuleki, ndinapeza kuti mafuta atha. Njovu ndinali nditaiona pa TV pokha. Ndikanatha kunena kuti mnzanga wandisintha maganizo n'kufotokoza chifukwa chake, amadamu anati zimenezo zimaloledwa ndipo zimapatsa malikisi. Koma kuseka kunali kutandifika kale pakhosi poona mwana wa inde madamu akutsutsa imvi. Ndinangoti ayi, bwana, n'kuphulika ndi kuseka. Mayi uja analemba kanthu kakafupi.

Panja ndinam'menya paphewa, ndikuyembekeza kuti tiseke limodzi. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono ngati akuchotsa chitosi.

"Iwe, unati atate anga ndi aulesi."

Ndinamuuza kuti inali nyambo chabe, kuti popanda ine akanatuluka ndi inde bwana wake m'thumba. Ndinati andigulile fanta m'malo mokwiya.

"Mwina unandithandiza," anatelo, m'Chinyanja tsopano. "Koma nkhani ija ndinakuuza iwe wekha, pa bedi, osati kuti ukaseweletse."

Mu minibasi anakhala kutsogolo pafupi ndi kondakitala. Kuhositelo anasinthana bedi ndi mnyamata wina. Amadamu atamva nkhani yonse anagwila pakamwa, sindidziwa ngati anali kubisa kuseka kapena kudabwa, kenako anandiuza kuti tsiku lina ndidzaseweletsa chinthu chimene sichibwezeka.

Zotsatila zitabwela, bungwe lija linam'tenga mnzanga. Ine ayi. Amayi anakalipa sabata yathunthu, n'kundipatsa makiyi a kantemba. Mnzangayo ali kukoleji ku Lusaka tsopano, ndipo ndimamva kwa ena kuti amatsutsana ndi malekichala mwaulemu mpaka iwo kutopa. Ndinam'tumila uthenga kawili pafoni. Zimaoneka kuti anawelenga.

Anthu amandifunsa ngati ndimadandaula. Za chiyani? Pa misala yanga yonse, uja ndiwo unagwila bwino koposa, ndipo atandibwezela m'chipinda chija ndikhoza kunenanso za kuomba m'manja, mwinanso kuwonjezela kuti njovu imaopa nkhuku. Kungoti ku kantemba kuno masana amatalika, ndipo minibasi ya ku Lusaka ikaima ndimapezeka ndaimilila, ndikuyang'ana amene akutsika.