Tsiku limene ndinasamutsa amalume

Ndinakhala pa chikamwini ku Thuchila zaka zisanu ndi chimodzi ndisanakhalepo pa mkeka umodzi ndi apongozi anga. Sikuti tinkadana, unali ulemu. Tikakumana pa kanjira ka ku mjigo, ine ndinkapatukira m'nandolo, iwo n'kupatukira m'chinangwa, moni n'kumapatsirana chapatali. Nkhani zonse zinkadutsira kwa mkazi wanga. Ngakhale ndili pomwepo, iwo ankati, "Uwauze aphunzitsi khola la mbuzi likudontha." Ine n'kuyankha, "Uwauze amayi ndamva."

Apongozi anabwera kuno ali mtsikana, pothawa nkhondo ku Mozambique. Mlongo wawo wamng'ono anatsala kumeneko, ndipo kwa zaka zambiri panalibe ankadziwa ngati ali moyo. Pa ukwati wathu unkhoswe anagwira ndi bambo wina woyandikana naye nyumba, poti malume weniweni wa mkazi wanga kunalibe. Kenako mayi wina wogulitsa kaunjika, amene ankawoloka malire pafupipafupi, anabwera ndi nambala pa kapepala. Amalume anali moyo. Foni analibe, koma Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankabwereka ya mnzawo n'kujambula mawu pa Watsapu. Apongozi nawo ankayankha ndi mawu, poti onse awiri sukulu inawadutsa. Zaka zitatu za Chilomwe chokhachokha zinadzaza m'kafoni kamodzi, ndipo madzulo aliwonse apongozi ankakhala pakhonde n'kumamvetsera mlongo wawo.

Koma kafoniko kanali katatopa. Galasi linali losweka, batire litafufuma, chivindikiro chake chomangidwa ndi mphira wa njinga. Ukakachotsa pa chaja, kankazima usanamalize kupereka moni. Mlamu wanga wa ku Limbe atamva chisoni anatumiza foni yatsopano ya Android, ndipo ntchito yosamutsa zinthu inagwera ine. Ndani winanso? Pamudzi ponse munthu wa tayi ndinali ndekha.

Linali Loweruka m'mawa, phiri likuoneka bwinobwino lopanda mtambo. Ndinaika mpando pansi pa mtengo wa mapeyala, apongozi ali pakhonde ndi kafoni kawo katalumikizidwa ku batire ya sola.

"Uwauze aphunzitsi," anatero, "zina zonse zitayike, koma achimwene anga asatsale m'menemu."

"Uwauze amayi asadandaule," ndinayankha modzitama. "Imeneyi ndi ntchito ya mphindi khumi."

Kafoni kakaleko sanalole kuti kachoke pakhonde. Choncho ine ndinkalamula ndili pa mpando, mkazi wanga n'kumadina. Poyamba zinayenda ngati madzi. Akaunti ya imelo ya m'foni yakale anatsegula ndi amene anawagulitsa foniyo, ndipo pasiwedi yake anapita nayo yekha, ndiye ndinawatsegulira ina m'foni yatsopano, pasiwedi n'kulemba kuseri kwa kalendala. Manambala ena anali mu simu, ena m'foni. Tinawasonkhanitsa onse m'fayilo imodzi n'kuitumiza pa bulutufu. Ndinaseka ndekha powerenga mayina amene mkazi wanga ankawalembera: Wankhuku, Wankhuku Wabodza, Amayi a Mvano Aatali. Zithunzi tinazikopera pa memore khadi, khadiyo n'kuilowetsa m'foni yatsopano. Zidzukulu zonse zinatulukira pagalasi lowala, apongozi n'kuomba m'manja.

Apa mutu unakula. Ndinalowetsa simu yawo m'foni yatsopano, ndinaika bandulo, n'kutsitsa Watsapu. Ndinalemba nambala yawo, manambala achinsinsi aja amati kodi anabwera pa meseji, Watsapu n'kutseguka. Munalibe kanthu. Ngakhale uthenga umodzi. Ine ndinkayesa kuti macheza amatsatira simu ngati mwana wa mbuzi atsatira make.

Mkazi wanga anasuzumira paphewa panga, n'kunong'ona, "Abambo, amalume ali kuti?"

Apongozi makutu awo ndi akuthwa. Anasiya kusenda nandolo, n'kukumbatira kafoni kakale pachifuwa. Ndinachita mantha enieni, thukuta kutsika mpaka m'masokosi.

Safunsa anadya phula. Ndinapita kuseri kwa khola n'kuimbira mkulu wina amene amakonza mafoni pa Chonde, timaimba limodzi kwaya.

"Yakaleyo Watsapu ikutsegukabe?" anafunsa.

Ndinafuulira mkazi wanga, iye n'kuyang'ana. Inkatseguka, mauthenga onse ali momwemo.

"Ndiye kuti manambala ndi osiyana, aphunzitsi. Ikanakhala nambala imodzi, yakaleyo bwenzi itatuluka. Taonani pamene pali dzina lawo, pali nambala yanji?"

Zoonadi, inali nambala ina. Apa mpamene mkazi wanga anakumbukira. Simu yoyamba ya apongozi inawonongeka kalekale, iwo n'kungogula ina pa msika, koma Watsapu inapitiriza kuyenda pa nambala yakale ija. Mwachidwi ndinaiimba. Anayankha bambo wa mawu aakulu, Chitumbuka chokhachokha, ng'ombe zikulira kumbuyo. Nambala inali itapatsidwa kwa munthu wina. Ndinapepesa n'kudula.

"Mwayi wanu ngwakuti bambo wa Chitumbukayo ayenera kuti ali ndi foni ya mabatani," anatero mnzanga wa pa Chonde nditamuimbiranso. "Tsiku limene akanatsegula Watsapu pa nambalayo, amayi akanatulutsidwa. Ndipo musayerekeze kumupempha kodi, nambalayo ndi yake tsopano. Mverani. Akaunti yopanda kanthu mwatsegula m'foni yatsopanoyo, ifufuteni. Yatsopanotu, osati yakale! Mukatero, m'foni yakale musinthe nambala, muike imene ali nayo panopa. Macheza sachoka. Mukamaliza ndiye musamutse."

Ndinabwerera pa mpando wanga nditachepa ngati mwana wa sitandade wani. Tisanayambe, ndinapeza kuti nambala ya mnzawo wa amalume sinasungidwe n'komwe, inangokhala manambala oyamba ndi 258 pamwamba pa macheza. Tinaisunga. Ndinati mkazi wanga atumizeko mauthenga angapo ku foni yanga, kuti zikavuta tisatsale manja lende.

"Uwauze aphunzitsi sindikufuna angapo," anatero apongozi. "Ndikufuna onse, mmene anabwerera. Wa imfa ya alamu anga uli pansi pa chithunzi cha mpunga. Woseka uja uli pamwamba pa mwana wovala chipewa. Mukawasokoneza ndiwapeza bwanji?"

Ndinazindikira kuti mayi amene sadziwa kuwerenga ankadziwa malo a uthenga uliwonse kuposa mmene ine ndimadziwira rejisitala ya kalasi langa.

Ndinafufuta akaunti yopanda kanthu ija, nditayang'ana katatu kuti foni ili m'manja mwanga ndi iti. Yakale tinailumikiza ku intaneti ya foni yanga. Mkazi wanga analowa posinthira nambala, analemba yakale pamwamba, yatsopano pansi, n'kusankha kuti anthu onse ocheza nawo adziwitsidwe. Kodi inafikira m'foni yatsopano, mmene munali simu. Ndinaiwerenga mokweza ngati ndikulengeza zotsatira za mayeso, iye n'kumalemba. Inalola. Macheza onse anali pamalo pake.

Kunatsala kusamutsa. M'foni yakale tinadina posamutsira macheza, m'yatsopano ndinalembetsanso nambala ija. Ulendo uno inafunsa yokha ngati tikufuna kutenga macheza a m'foni yakale, n'kuonetsa kabokosi ka timadontho takuda koti kamera ya foni yakale ikaone. Mafoni awiriwo anafunika kukhala pafupi, wayifayi ili yoyatsa, mpaka ntchito itatha. Chingwe cha chaja chinali chachifupi ngati mkono, ndipo apongozi anali atalanda kale kafoni kawo. Ndinapatsira mkazi wanga foni yatsopano kuti apite nayo pakhonde.

Anapinda manja. "Ine ndatopa kukhala mthenga. Zaka sikisi! Pitani nokha, samaluma."

"Iwe mwana iwe, ulibe manyazi?" anatero apongozi, koma ndinaona kuti akudziletsa kuseka. Kenako anasendera kumapeto kwa mkeka, n'kusiya malo.

Ndinavula nsapato n'kukhala, maso ndili pansi. Iwo anagwira yakale pamwamba, ine yatsopano pansi, aliyense akuyang'ana kumbali ngati anthu okwera minibasi imodzi atayambana. Kamera inakana kuona. Tinayesanso, inakananso. Apongozi anaitembenuza, anauzira mpweya pa kagalasi ka kamera, n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje. Panachoka ufa wa zaka zitatu. Titayesa kachitatu, mafoni anagwirizana, ndipo kamzere kanayamba kuyenda pang'onopang'ono.

Tinakhala choncho nthawi yaitali ndithu. Nkhuku inabwera kudzajompha nandolo, palibe anaithamangitsa, poopa kugwedeza chingwe. Mwendo wanga unachita dzanzi, koma ndinalimba nawo. Mkazi wanga anali ataimirira pakhomo, akutiseka poyera.

Kamzere katafika kumapeto, ndinatsegula Watsapu. Macheza onse anali m'menemo. Apongozi anatenga foni yatsopano, anayendetsa chala m'mwamba, kudutsa chithunzi cha mpunga, kudutsa mwana wa chipewa, mpaka pa uthenga woyambirira penipeni. Mawu a bambo wachikulire anatuluka, omveka bwino kuposa kale, akuitana dzina la paubwana la mlongo wake, kenako n'kulephera kupitiriza. Apongozi anaseka misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinangodzuka, n'kunena kuti ndikaone mbuzi.

Madzulo ake anajambula uthenga wautali wa Chilomwe. Mawu amene ndinatolapo ndi amodzi okha, "aphunzitsi", ndipo anabwera kangapo. Sindinadziwe ngati akundiyamikira kapena akundinenera.

Lamlungu masana ndinali pakhonde panga ndikuchonga makope. Ndinaona apongozi akubwera, osapatukira m'chinangwa, foni ili m'manja. Anakhala pa sitepe n'kudina. Amalume analankhula nthawi yaitali, akuseka, ine osamva kanthu. Mkazi wanga anatuluka m'nyumba akupukuta manja, n'kuyamba mwachizolowezi, "Akuti..."

Apongozi anakweza dzanja. "Khala chete iwe, ndiwauza ndekha."

Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire.

"Aphunzitsi, achimwene akuti pa ukwati wanu sanalipo, ndiye mkamwini sakumudziwa. Koma akuti munthu amene wawanyamula kuchoka m'nyumba yakugwa n'kukawaika m'nyumba yatsopano, osataya ngakhale mawu amodzi, ameneyo ndi mwana wawo. Akufuna amve mawu anu." Anandipatsa foni. "Dinani apa, musasiye mpaka mutamaliza. Kapena ndikuphunzitseni?"